Foni Ilire Kapena Ikhale Chete Pabalani?

Fodya wa fuluu akayamba kuthyoledwa m'zigwa za Kasungu, pali ntchito imodzi yomwe siima usana ndi usiku, ndiyo yosonkhezera moto pabalani. Fodya wa bale amauma yekha m'chigafa ndipo mwini wake amagona tulo, koma wa fuluu amafuna munthu wokhala pang'anjo kwa masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kufikira balani itapsa. Anthu amalandizana, wina usana wina usiku. Ntchitoyi ndi yakale m'bomali, kuyambira masiku a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi maesiteti a Press, koma chomwe chasintha ndi chakuti wosonkhezera moto wa lero amabwera pashifiti ndi foni m'thumba. Pamenepa pabuka mkangano womwe ukumveka pamaesiteti ndi m'makalabu a alimi. Ena akuti foni izimitsidwe kapena isiyidwe kwa kapitawo kufikira shifiti itatha. Ena akuti foni ndi ya mwini wake, ilire monga imalirira, chifukwa uthenga wofunika sudziwa kuti munthu ali pantchito. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomwe sizingakankhidwire kumbali, koma ine ndikuona kuti onsewa akulimbana ndi foni yonse pomwe nkhani ili pa chinthu chaching'ono: ndi uthenga uti womwe uli ndi ufulu wotulutsa phokoso munthu ali pang'anjo. Yankho langa ndi lakuti ufuluwo ndi wa uthenga wokhawo womwe ukufuna kuti munthuyo achitepo kanthu nthawi yomweyo, ndipo ena onse afike mwakachetechete n'kudikira.

Kuti mfundoyi imveke, tiyenera kuyamba taona chomwe balani imafuna kwa munthu. Masiku oyamba tsamba limafunika lisanduke lachikasu pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumasungidwa pafupi ndi madigiri 35 mpaka 38, timazenera ta mpweya titatsekedwa kuti chinyezi chisathawe. Moto ukakula panthawiyi tsamba limauma lisanathe kusintha mtundu, kubiriwira n'kukhazikika, ndipo kubiriwira kumeneko sikuchokanso. Kenako pamabwera gawo loumitsa tsamba, pomwe timazenera timatsekulidwa ndipo kutentha kumakwezedwa mwapang'onopang'ono, osapitirira digiri imodzi pa ola, kufikira cha m'ma 54. Apa ndi pomwe fodya wambiri amawonongekera, chifukwa tsamba likafika pa kutentha kumeneko likadali ndi madzi ambiri limapsa ngati laphikidwa n'kuda. Pomaliza amaumitsa msana wa tsamba pa madigiri pafupifupi 70. Moto ukazilala pagawoli, madzi a m'msana amabwerera m'tsamba n'kusiya mizere yakuda, ndipo ukapitirira muyeso tsamba limafiira. Ndi nthawi yomweyinso pomwe tsamba louma likagwera papaipi yotentha balani yonse ikhoza kuyaka. Manambala enieni amasiyanako malinga ndi mtundu wa balani, malo a tsamba pamtengo, ndi tchati chomwe alangizi a ARET kapena a kampani yogula apereka, koma phunziro lake ndi limodzi. Ntchitoyi si yolemetsa mphindi iliyonse, koma imafuna kuti munthu akumbukire pomwe choyezera kutentha chinali nthawi yapitayo, nkhuni zomwe waponya, ndi komwe motowo ukulowera. Ng'anjo simayankha msanga: chikuni choponyedwa tsopano chimaoneka pachoyezera patapita nthawi. Munthu yemwe maganizo ake adulidwa pakati amaiwala kuti waponya kale, n'kuponyanso.

A mbali yozimitsa foni, omwe ambiri ndi akapitawo ndi eni mabalani, amadziwa zonsezi ndipo mantha awo ndi oona. Balani imodzi ndi thukuta la miyezi yambiri kuyambira kunazale, ndipo wolima pa kontirakiti, monga alimi ambiri achitira kuyambira 2012, ali ndi ngongole ya feteleza ndi zina yomwe idzadulidwa fodyayo akakagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Ogula sadzafunsa chifukwa chomwe tsamba ladera. Adzangolipatsa giredi yotsika. Akapitawowa amanenanso chinthu china chomwe achinyamata sakonda kumva, chakuti foni imasokoneza ngakhale munthu asanaigwire. Pamenepa sayansi ili kumbali yawo. M'chaka cha 2015, Cary Stothart ndi anzake a ku Florida State University adapatsa ophunzira ntchito yofuna chidwi chosadukiza, kenako ena mwa iwo n'kumawaimbira kapena kuwatumizira mauthenga pafoni zawo. Ophunzirawo sadayankhe mafoniwo, koma zolakwa zawo zidachuluka poyerekeza ndi anzawo omwe mafoni awo sadalire. Kungomva kulira kudali kokwanira kuchotsa maganizo pantchito, popeza mutu umayamba kudzifunsa kuti ndani ameneyo, akufuna chiyani. Choncho mnyamata wonena kuti "ine ikalira sindiyang'ana" sakunama, koma sakudziwa kuti gawo la chidwi chake lachoka kale.

Pomwe mbali iyi ikuphonya ndi pongoganiza kuti foni yozima imabweretsa mtendere m'mutu. Munthu wosiya mkazi woyembekezera kunyumba, kapena mwana yemwe wayamba kutentha thupi madzulo m'nyengo ino ya malungo, sakhala ndi maganizo pang'anjo chifukwa chakuti foni yake ili m'kabati ya kapitawo. Ambiri mwa ogwira ntchito m'maesiteti a Kasungu kwawo ndi kutali, ena ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Thyolo, ndipo foni ndiyo njira yokhayo yomwe uthenga wa matenda kapena maliro ungawapezere. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2019 ndi Nicholas Fitz, Kostadin Kushlev, Dan Ariely ndi anzawo adayesa zimenezi pa anthu oposa 200 a ku India. Ena mauthenga awo amafika monga mwa nthawi zonse, ena amafika pamodzi katatu patsiku, ena ola lililonse, ndipo ena adawatsekera osalandira chizindikiro chilichonse. Omwe amalandira katatu patsiku adanena kuti chidwi chawo chidakhazikika ndipo kupanikizika kudachepa. Omwe adawatsekeratu nkhawa yawo idakula, poopa kuti pali chomwe chikuwadutsa. Anthuwo sadali osonkhezera moto, ndipo sindikunena kuti zotsatira zake zingangonyamulidwa n'kuikidwa pabalani, koma zikugwirizana ndi zomwe aliyense wogwira ntchito kutali ndi kwawo amadziwa. Palinso vuto lachiwiri, lomwe ndi la ntchito yeniyeniyo. Wosonkhezera moto usiku nthawi zambiri amakhala yekha. Paipi ikang'ambika utsi n'kuyamba kulowa m'fodya, kapena denga likagwira moto, foni yomwe ili m'thumba mwake ndiyo ingadzutse anthu. Kumulanda foni ndi kuchotsanso tochi yake, wotchi yake ndi njira yake yoitanira thandizo.

A mbali yachiwiri amagwiritsa mfundo zomwezi kunena kuti, basi, foni isiyidwe momwe ilili. Ena mwa iwo amamva nkhaniyi ngati mlandu wa ulesi, n'kuyamba kudziteteza kuti iwo sagona pantchito ndipo sanaotchepo balani. Koma funso silikunena za khalidwe la munthu. Tangoganizani zomwe foni ya munthu wamba imalirira usiku umodzi: gulu la WhatsApp la kutchalitchi, gulu la banja, gulu la kalabu ya fodya, gulu la mpira lomwe limatentha Bullets kapena Wanderers ikasewera, mauthenga otsatsa mabandulo, Facebook yonena kuti wina wathira ndemanga, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, ndi wina wachinyengo wonena kuti ndalama ija mutumize panambala iyi. Zonsezi zimalira ndi kamvekedwe kamodzi. Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zoipa. Munthu akamayang'ana kulira kulikonse, ntchito imadukaduka. Akatopa n'kusiya kuyang'ana, uthenga wa kapitawo wonena kuti choyezera cha balani yachiwiri chikunama umakwiririka pansi pa zithunzi za moni wa usiku. Galu wouwa usiku wonse, tsiku lomwe akuba afikadi palibe amadzuka. Motero ufulu womwe a mbali iyi akuuteteza, wolandira uthenga wofunika, ndi womwewo omwe akuutaya posiya zonse kuti zizilira mofanana.

Mafakitale akuluakulu adaphunzira zimenezi mowawa, ndipo phunziro lawo likutikhudza ngakhale balani ya njerwa ili kutali ndi makina awo. Mu Julayi 1994, fakitale yoyenga mafuta ku Milford Haven, m'dziko la Wales, idaphulika patadutsa maola angapo chiphaliwali chitasokoneza ntchito, ndipo anthu 26 adavulala. Ofufuza adapeza kuti m'mphindi 11 zomaliza, anthu awiri oyang'anira makina adalandira machenjezo 275. Chenjezo lomwe likadawapulumutsa lidali pakati pa amenewo, koma ambiri adali olembedwa kuti ndi ofunika kwambiri, kotero kuti panalibe lomwe limaoneka lofunika kuposa linzake. Pambuyo pake, mu 1999, bungwe la EEMUA lidatulutsa ndondomeko yotchedwa EEMUA 191, yomwe imati pantchito yoyenda bwino woyang'anira asamalandire chenjezo loposa limodzi pa mphindi khumi, ndiponso kuti chenjezo lililonse likhale ndi chinthu chodziwika chomwe munthu ayenera kuchita akalimva. Lamulo lachiwirili ndilo muyeso womwe ndikuupereka pabalani. Uthenga uliwonse ufunsidwe funso limodzi: ndikaumva tsopano, pali chomwe ndichite tsopano? Ndalama yolowa pa Mpamba ndi nkhani yabwino, koma ikhala pomwepo mpaka m'mawa. Tsiku lomwe fodya wa kalabu akwere galimoto ndi lofunika, koma silisintha chilichonse pa 2 koloko usiku. Mwana wakomoka, kapena balani yoyandikana nayo yayamba kufuka utsi wachilendo, pamenepo pali chochita.

Tiyeni titenge shifiti imodzi ndi kuiyendetsa mwatsatanetsatane. Wosonkhezera moto akulowa 6 koloko madzulo kudzatuluka 6 koloko m'mawa, balani ili pagawo loumitsa tsamba, choyezera chili pa 46, ndipo tchati chikuti pofika m'mawa chikhale cha m'ma 54, osathamanga. Foni yake ndi ya Android, monga ma Tecno ndi ma itel omwe ali ponseponse. Choyamba, akadali kunyumba, amasankha anthu ochepa omwe ali ndi ufulu womudzutsa: kapitawo, mnzake wolandizana naye, mlonda wa pamalopo, mkazi wake, ndi m'bale mmodzi wa kumudzi yemwe nkhani za banja zimadzera. Aliyense wa awa amamuika nyenyezi mu Contacts. Apa pali msampha womwe umagwetsa ambiri: nambala yosungidwa pa simukhadi nthawi zambiri silola kuikidwa nyenyezi, ndiye iyenera kukoperedwa kaye m'foni. Chachiwiri, amalowa mu Settings n'kupeza Do Not Disturb, yomwe kawirikawiri imakhala pansi pa Sound kapena Notifications. M'menemo amalola mafoni ochokera kwa Starred contacts okha, omwe mafoni ena amawatchula Favorites, n'kutsekula Repeat callers. Chimenechi chimachititsa kuti munthu aliyense, ngakhale wa nambala yachilendo, akaimba kachiwiri mphindi 15 zisanathe, foni ilire. Ndicho chitseko cha mnansi yemwe wabwereka foni kuti anene za matenda. Chachitatu, amaonetsetsa kuti Alarms ndi ololedwa, n'kukweza mphamvu ya kulira kwake, poti imakhala yosiyana ndi ya kulira kwa foni yoimbidwa. Pomaliza amaika nthawi yoti Do Not Disturb iziyamba ndi kutha yokha mogwirizana ndi shifiti.

Magulu a WhatsApp amafuna chisamaliro chawochawo. Gulu lililonse lili ndi Mute notifications, ndipo limapereka zosankha zitatu: 8 hours, 1 week ndi Always. Wa shifiti ya maola khumi ndi awiri akasankha 8 hours pa 6 koloko madzulo, magulu onse amadzuka pa 2 koloko usiku, nthawi yomwe thupi layamba kulemera, choncho m'nyengo yowotcha fodya ndi bwino kusankha 1 week kapena Always. Mauthengawo satayika, amafika ndithu n'kukhala. Kunena zoona Do Not Disturb payokha imatha kuwatontholetsa, koma ubwino wotseka gulu lililonse ndi wakuti munthu akatulutsa foni kuti aone nthawi kapena kuyatsa tochi, sakumana ndi mulu wa zizindikiro zomukoka. Chifukwa chomwecho ndi bwino kusankhanso, m'mafoni omwe amalola, kuti mauthenga otsekedwa asamayatse galasi la foni. Mumdima wa pabalani kuwala kwa galasi kumaitana maso mofanana ndi phokoso, ndiponso kumadya batire yomwe ingafunike m'bandakucha. Facebook, TikTok ndi masewero angathe kutsekedwa kotheratu mu Notifications, popeza palibe chomwe amanena chomwe chili ndi chochita usiku umenewo.

Zikatero pafoni pamatsala mawu awiri okha. Loyamba ndi kulira kwa munthu woimba, ndipo wosonkhezera moto akalimva amadziwa kuti ndi mmodzi wa asanu aja kapena wina yemwe waumirira. Lachiwiri ndi alamu ya balani, yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo phindu lalikulu la foni pantchitoyi. Pagawo loumitsa tsamba, tinene kuti kapitawo walamula kuti choyezera chiziwerengedwa theka la ola lililonse n'kulembedwa patchati ola lililonse. Alamu imalira 9 koloko, munthu awerenga 48, alemba, aponya zikuni ziwiri. Pa 9:30 awerenga 48 yomweyo, ndipo chifukwa akukumbukira kuti waponya posachedwa, adikira. Pa 10 koloko apeza 49, ndipo zonse zili m'njira. Tsopano yerekezani kuti pa 9:20 gulu la mpira lidalira kasanu, iye n'kulowamo kwa mphindi makumi awiri. Akutuluka, ayang'ana choyezera mothamanga, aona 48, aganiza kuti moto wagona, aponya zina zitatu. Pofika 10:30 choyezera chili pa 53, tsamba la pamwamba likadali lonyowa, ndipo kutsekula chitseko kuti kutentha kutsike sikubweza mtundu womwe watayika. Palibe yemwe wagona, palibe waulesi. Chomwe chasowa ndi chikumbukiro cha zikuni ziwiri zija. Mauthenga ena onse ali ndi nthawi yake: kamodzi pakati pa usiku, atangomaliza kuwerenga ndi kulemba, kwa mphindi zosapitirira khumi, alamu yotsatira ili yotchera kale, kenako m'mawa atapereka balani kwa mnzake.

Pali zotsutsa zomwe ndiyenera kuziyankha, ndipo yolemera kwambiri imachokera kwa omwe adagwirapo usiku. Iwo amati mdani wamkulu pabalani si foni koma tulo. Pakati pa 3 koloko ndi 5 koloko m'bandakucha thupi la munthu limafooka mwachibadwa, moto umafunditsa, kunja mvula ikuwaza, ndipo macheza a pafoni ndiwo amagwira zikope. Mfundoyi ndi yoona theka. Munthu amafunikadi chomudzutsa, koma si chilichonse chodzutsa chomwe chimasiya maso ndi maganizo pantchito. Wailesi imalankhula popanda kufuna yankho, ndipo Do Not Disturb siiletsa. Munthu angamvere MBC kapena Zodiak uku akuyang'ana moto. Macheza a pagulu amafuna maso, zala ndi mtima, ndipo alibe polekezera. Komanso alamu ya theka la ola imateteza ku tulo kuposa macheza, chifukwa wosinza pang'ono imamudzutsa balani isanazizire, pomwe wosinza foni ili m'manja alibe chomudzutsa. Ndivomereze kuti pamene munthu wagwira mausiku ambiri motsatana popanda kupuma mokwanira, palibe kakonzedwe ka foni komwe kangamuthandize. Vuto limenelo ndi la kagawidwe ka mashifiti, ndipo mwini balani asalibise kuseri kwa nkhani ya mafoni.

Chotsutsa china chimachokera kwa osonkhezera moto akale, omwe amadziwa balani ndi khungu lawo ndi mphuno. Iwo amati alamu ipha luso: mnyamata azidikira foni imuuze m'malo momva yekha kuti mpweya wotuluka pamwamba wasintha fungo. Chenjezoli ndimalilemekeza. Alamu ikangolira pafupipafupi, tinene mphindi khumi zilizonse, munthu amayamba kuizimitsa osadzuka pomwe wakhala, ndipo yasanduka gulu linanso laphokoso. N'chifukwa chake nthawi yake iyenera kutsata gawo lomwe balani ili. Masiku osandutsa chikasu, pomwe moto ndi wochepa ndipo zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ola limodzi likhoza kukwana. Poumitsa tsamba ndi msana, pomwe ng'anjo imadya nkhuni msanga, mpata uchepe. Chizindikiro chakuti zalakwika sichivuta kuona: manambala patchati akayamba kufanana ndendende ndi a ndondomeko usiku wonse, popanda kukwera kapena kutsika ngakhale digiri imodzi, kawirikawiri ndiye kuti akulembedwa munthu asanayang'ane choyezera. Alamu ndi malire omaliza oti munthu asapitirire osayang'ana. Wodziwa ntchito adzayang'ana isanalire, ndipo palibe chomuletsa.

Kapitawo nayenso ali ndi dandaulo lake, lakuti iye malangizo amawatumiza pagulu la WhatsApp la ogwira ntchito, ndipo gululo likatsekedwa mawu ake samveka. Apa ndi pomwe nkhaniyi imaonekera kuti si ya foni imodzi. Kakonzedwe konse kamagwa ngati otumiza sasintha khalidwe. Pamafunika pangano lomveka kwa onse nyengo isanayambe: chofulumira chiimbidwe, chodikira chilembedwe. WhatsApp si njira yodalirika pa zinthu zadzidzidzi ngakhale gulu litakhala lotsekula, chifukwa imafuna bandulo ndi netiweki yabwino, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo, pofuna kusunga batire, amagoneka mapulogalamu kotero kuti uthenga wotumizidwa 11 koloko ungaoneke munthu atatsekula yekha pulogalamuyo m'mawa. Kuimba wamba kumadutsa pomwe intaneti yalephera, ndipo woimba amadziwa pompo ngati mnzake wamva. Panganoli limamanga kapitawo yemwe. Akayamba kuimba 1 koloko usiku kufunsa za khasu lomwe lasowa masana, nyenyezi yomwe adapatsidwa yatha mphamvu, ndipo tsiku lina adzaimba pa nkhani ya moto foni n'kungoyang'anidwa. A kunyumba nawonso auzidwe chimodzimodzi, kuti kufilasha kamodzi ndi nambala yopanda nyenyezi sikudutsa, ndipo pa vuto lenileni aimbe kawiri motsatizana. Zonsezi ziyesedwe masana shifiti yoyamba isanafike: mnzake aimbe ndi nambala ya nyenyezi, aimbenso ndi yachilendo kamodzi kenako kachiwiri, alamu itcheredwe mphindi ziwiri kutsogolo, aliyense amve ndi makutu ake kuti chomwe chiyenera kulira chikulira.

Kakonzedweka kalinso ndi mbali ina yomwe imaiwalika, ndiyo masana. Wotuluka 6 koloko m'mawa amafunika kugona nthawi yomwe dziko lonse ladzuka ndipo mafoni ali pachimake. Tulo ta masana ndi tosalimba kale, ndipo tikadulidwa ndi magulu aja, munthu amabwerera pang'anjo madzulo ali wotopa kuposa dzulo. Choncho Do Not Disturb yomweyo, ndi anthu asanu omwewo, iyenera kugwiranso ntchito maola ogona. Vuto lake ndi lakuti mashifiti amasinthana. Yemwe sabata ino ali usiku sabata yamawa ali masana, ndipo ndandanda yoikidwa m'foni siidziwa zimenezo. Wosaisintha adzapeza foni yake ili chete usiku womwe ali kunyumba, koma ikusokosera pang'anjo masana. Njira yosavuta ndi kuphatikiza nkhani ya foni m'mwambo wolandizana: pomwe awiriwo akuonetsana tchati, nkhuni zotsala ndi momwe timazenera tilili, wolowa atsekule Do Not Disturb ndi kutchera alamu yoyamba mnzake akuona, n'kuonanso kuti batire ikwanira mpaka m'mawa.

Chotsutsa chomwe sindingachithetse bwinobwino ndi cha foni za mabatani, zomwe ogwira ntchito ambiri m'maesiteti ndizo ali nazo. Zambiri mwa izo zilibe njira yosankhira kuti uyu alire, uyu asalire. Koma vuto lawo ndi laling'ono kale, chifukwa zilibe magulu aphokoso, ndipo chomwe chimasokosa ndi mauthenga a makampani a mafoni. M'zambiri mwa fonizi, pansi pa Profiles, kulira kwa mauthenga kumatha kuzimitsidwa kulira kwa woimba n'kusiyidwa, ndipo alamu imagwira ntchito ndithu, ngakhale kuti zina zimangolola ma alamu ochepa, kotero munthu ayenera kutchera yotsatira nthawi iliyonse akamaliza kulemba patchati. Woimba aliyense adzadutsa, waphindu ndi wopanda phindu yemwe, ndipo chotsala ndi kuuza abale ndi abwenzi maola a shifiti. Maesiteti okhala ndi mabalani ambiri angachite bwino kugula foni imodzi ya mabatani yokhala pabalani, yomwe nambala yake ikudziwika kwa kapitawo, alonda ndi mabanja a omwe ali pashifiti, n'kumaperekedwa dzanja ndi dzanja pamodzi ndi tchati. Imeneyi imachotsa mkangano wa mwini foni, popeza bwana alibe ufulu wolamula zomwe zili m'foni ya munthu yomwe sadagule. Koma ikudzutsa funso lomwe makalabu ang'onoang'ono, omwe mamembala ake amabwerekana balani ndi nkhuni, ayenera kulikambirana okha nyengo isanayambe: ndani agule foniyo, ndani aziitchaja komwe kulibe magetsi a ESCOM, ndipo mayunitsi oimbira pa nthawi ya ngozi achoke m'thumba la yani.